Zomata kumapeto kwa kontirakiti: kufufuza ndi Ctrl+F, ndi Cross-reference, kapena ndi cholembera?

Tiyerekeze kuti muli ndi kontirakiti yogula madesiki a sukulu. Kumapeto kuli zomata zitatu: Annex A ndi kapangidwe ka desiki, Annex B ndi mitengo, Annex C ndi masiku obweretsa katundu. Ndime 4.2 ikunena kuti malipiro atsata Annex B, ndipo ndime 6.1 ikunena kuti wochedwetsa katundu adulidwa ndalama potengera masiku a mu Annex C. Tsiku losaina litayandikira, wina akulowetsa mndandanda wa sukulu zolandira madesiki n'kuutcha Annex B. Mitengo yasanduka C, masiku asanduka D, koma ndime zija palibe wazikhudza. Tsopano ndime ya malipiro ikuloza mayina a sukulu, ya chilango ikuloza mitengo. Funso n'lakuti njira iti ingagwire vuto limeneli.

Ambiri amayamba ndi Ctrl+F mu Word. Mukalemba Annex, kumanzere kumabwera malo onse amene mawuwa akupezeka, ndipo mumadina limodzilimodzi. Ndi njira yachangu, ndipo imaonetsa msanga ngati ndime ina ikutchula Annex E yomwe kulibe. Koma imangopeza zomwe mwaiuza. Kontirakiti yokoperedwa ku yakale imakonda kusakaniza mayina, apa Annex B, apo Schedule 2, kwinako Appendix B, choncho mawu onsewa afufuzeni paokhapaokha, kuphatikizapo Attachment. Musalembe chilembo pofufuza: mukalemba Annex C, pamene panalembedwa Annexes B and C padumphidwa. Ndipo ngati chomwe muli nacho ndi PDF yojambulidwa pa sikana, nthawi zambiri simupeza kanthu chifukwa tsamba lonse ndi chithunzi.

Cross-reference, njira ya mu Word yolumikiza ndime ndi mutu wa chomata, imaletsa vutoli lisanabadwe. Mitu ya zomata mumaipatsa zilembo zodziwerengera zokha, kenaka m'ndime 4.2, m'malo motaipa pamanja, mumapita ku References, kusankha Cross-reference, n'kuloza mutu wa mitengo. Chomata chatsopano chikalowa pakati, dinani Ctrl+A kenaka F9, ndipo ndime 4.2 isintha yokha kunena Annex C. Chomata chikafufutidwa, pamalopo pamatuluka uthenga uwu:

```
Error! Reference source not found.
```

Musanasindikize, fufuzani mawu oti Error! m'chikalata chonse. Pa kontirakiti yaitali yodutsa m'manja mwa anthu ambiri, iyi ndiyo njira yoyenera kuyambira. Ngozi yake ndi yakuti munthu amaikhulupirira mopitirira. Ctrl+A sifika pa mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba, ndiye kumeneko kungatsale Annex B wakale. Mnzanu akataipa dzina la chomata pamanja, limaoneka chimodzimodzi ndi enawo koma silisuntha. Alt+F9 ndiyo imaulula, poti malo olumikizidwa amaonetsa REF pomwe otaipidwa amangokhala mmene alili. Komanso ngati mitengo ili mu fayilo ina ya Excel, mutu wake Word sauona n'komwe.

Njira ya cholembera ndi yochedwa, koma ndi yokhayo yoyang'ana tanthauzo. Jambulani mizati inayi papepala: nambala ya ndime, chomata chomwe ikutchula, chimene ndimeyo ikuyembekeza kukapeza, ndi mutu weniweni wa chomatacho. Pa chitsanzo chathu mzere woyamba ukhala wotere: 4.2, Annex B, mitengo, mndandanda wa sukulu. Mzati wachitatu ndi wachinayi zikasemphana, mwaligwira vuto. Apa Ctrl+F ikanangokutsimikizirani kuti Annex B ilipo, zomwe ndi zoona koma zosathandiza.

Mukatha, yendani chobwerera. Tengani chomata chilichonse n'kufunsa ndime imene ikuchitchula. Annex D simuipezera ndime, ndipo chomata chosatchulidwa paliponse chimabweretsa mkangano woti kodi ndi gawo la mgwirizano kapena ayi. Onaninso zomata zomwe zili ndi kamzere kolozera ku ndime pansi pa mutu, monga Clause 6.1, chifukwa nambala za ndime nazonso zimasuntha. Ndime ikatchula chinthu cha mkati, monga Annex C, Item 7, tsegulani muone ngati mzere wa 7 ulipodi.

Pa kontirakiti ya zomata zitatu kapena zinayi, Ctrl+F yophatikiza ndi pepala lija zikukwanira, ndipo kukonza Cross-reference n'kutaya nthawi. Zomata zikachuluka ndipo chikalata chikusinthabe, ikani Cross-reference kuyambira pachiyambi, koma pepala musalisiye. Kufufuza komaliza kuchitike pa kope lomwe likukasainidwalo, litamangidwa kale pamodzi, chifukwa pa fotokope ndi pomwe mitengo yakale imalowa m'malo mwa yatsopano, mutu wake uli wolondola.