Sipuredishiti ya malonda a mwezi yabwera ndi mawu amodzi: muunike chiyani?

Kuno ku Joni, Mmalawi amene amadziwako kompyuta sachedwa kulandira fayilo ya Excel pa WhatsApp kuchokera kwa m'bale wa sipaza ku Rosettenville kapena ku Yeoville, uthenga wake uli mawu amodzi okha: `analyse`. Mawuwa akhoza kutanthauza ntchito zinayi zosiyana, ndipo iliyonse imafuna zipangizo zake. Tiziyerekeze pa shopu yongopeka, yomwe fayilo yake ili ndi tsiku mu danga A, dzina la katundu mu B, kuchuluka mu C, mtengo wogulitsira mu D, ndi ndalama zonse za mzerewo mu E.

Musanasankhe njira, yambani mwaona ngati manambala ali manambaladi. Makompyuta ambiri otcheredwa za ku South Africa amafuna chizindikiro cha koma, osati kadontho, polekanitsa marandi ndi masenti, choncho 25.50 yolembedwa ndi kadontho Excel imatha kuitenga ngati mawu chabe, ndipo `SUM`, yomwe imawonkhetsa manambala, imaidumpha osadandaula. Yesani izi:

```
=COUNT(E2:E900)
=COUNTA(E2:E900)
```

Yoyamba imawerenga manambala okha, yachiwiri imawerenga malo onse olembedwa kanthu. Zikasiyana, monga 812 ndi 840, ndiye kuti mizere 28 sikulowa m'chiwonkhetso. Onaninso pansi penipeni: ngati mwini shopu anaikapo kale mzere wake wowonkhetsa, muutulutse, apo ayi malonda aoneka owirikiza kawiri.

Njira yoyamba ndi yoyankha funso loti kodi mwezi wayenda bwanji. Ndi yachangu, mphindi khumi zakwana, ndipo imangofuna chiwonkhetso cha mwezi uno ndi cha mwezi watha. Ikhoza kunamiza munthu. Tinene kuti Febuluwale 2025 analowetsa R84,000 ndipo Malichi R93,000. Mwini shopu asangalala kuti malonda akwera ndi R9,000. Koma Febuluwale anali ndi masiku 28, Malichi 31. Gawani: R84,000 pa masiku 28 ndi R3,000 patsiku, R93,000 pa masiku 31 ndi R3,000 yomweyo. Palibe chakwera. Choncho yerekezani za patsiku lomwe shopu inatsegula, ndipo ngati mitengo inakwezedwa pakati pa miyeziyo, yang'anani danga C, chifukwa ndalama zimatha kukwera pamene katundu wotuluka akuchepa.

Njira yachiwiri imafunsa kuti ndi katundu uti akulowetsa ndalama zambiri. Apa mumadina `Insert`, kenako `PivotTable`, n'kuika dzina la katundu pa `Rows` ndi ndalama pa `Values`. Ikalemba `Count of` m'malo mwa `Sum of`, kawirikawiri m'dangamo mukadali mawu obisala pakati pa manambala. Chimene chimaononga njira imeneyi ndi kalembedwe ka mayina. Wogulitsa wa m'mawa alemba "ufa 10kg", wa madzulo "ufa 10 kg", ndiye katundu mmodzi aoneka ngati awiri ochepa mphamvu. `TRIM` imachotsa mipata ya kumayambiriro, ya kumapeto ndi yowirikiza, koma kusiyana ngati uku mukonza ndi manja. Mu shopu yathuyi mayunitsi a foni atuluka pamwamba ndi R18,000, ufa R13,200, ndipo usipa wouma wochokera kumudzi uli m'munsi ndi R4,500 yokha.

Ambiri amalekera pomwepa, ajambula tchati chokongola n'kubweza fayilo. Ife tikuti kulekera apa ndi kumusocheretsa mwini shopu, chifukwa mndandandawu ukumuuza kuti mpamba wake authire pa mayunitsi.

Njira yachitatu ndiyo imene timaikonda, ndipo ndi yofunsa kuti ndi katundu uti akusiya phindu. Vuto lake ndi loti fayilo ya malonda payokha siingayankhe. Pakufunika mtengo wopikulira, womwe uli pa malisiti a ku holoselo. Muwapemphe, mulembe mtengo wopikulira chinthu chimodzi mu danga F, kenako mu G:

```
=C2*(D2-F2)
```

Tsopano taonani momwe mndandanda ukutembenukira. Tiyerekeze kuti pa mayunitsi shopu imatsala ndi R4 pa R100 iliyonse: R18,000 ija yasiya R720. Ufa anagulitsa matumba 120 pa R110, atapikula pa R95, phindu lake R1,800. Usipa ndi timapaketi 150 pa R30, ndipo kapaketi kamodzi kamafika mu shopu pa R18 kuphatikizapo yolipira wa basi amene anaubweretsa, phindu lake R1,800. Usipa wa R4,500 wafanana ndi ufa wa R13,200, ndipo wamanga mpamba wa R2,700 pamene ufa wamanga R11,400. Izi sizikutanthauza kuti asiye mayunitsi kapena ufa, poti wobwera kudzagula zimenezi amatolanso sopo ndi buledi. Zikutanthauza kuti usipa usamathe pa shelefu, ndiponso kuti kutsitsa mtengo wa ufa ndi R5 pofuna kupikisana ndi sipaza ya patsidya pa msewu kudula phindu la ufa kuchoka pa R1,800 kufika pa R1,200.

Zinthu ziwiri zimasokoneza njirayi. Choyamba ndi kusiyana kwa bokosi ndi chinthu chimodzi: lisiti ikulemba mtengo wa bokosi la mabotolo 12, pamene shopu imagulitsa limodzilimodzi. Mukaona phindu la chinthu lili pansi kwambiri pa ziro, yambani mwakayika zimenezi. Chachiwiri ndi VAT, yomwe kuno ndi 15 peresenti. Malisiti ena amaonetsa mtengo msonkho usanaikidwe. Shopu yosalembetsa VAT siibwezeredwa msonkhowo, choncho mtengo wake wopikulira ndi wokhala ndi msonkho kale. Pa ufa wachimanga, mazira ndi buledi wabulauni msonkhowu ndi ziro, koma pa sopo ndi zakumwa zozizira ulipo. Ndipo dziwani kuti pa phindu limeneli lendi, magetsi ndi malipiro a wogulitsa sizinachotsedwe.

Njira yachinayi mwini shopu satchula poyera, koma nthawi zina ndi imene ili mumtima mwake: kodi katundu akusowa? Imafuna kuwerenga zomwe zinali pa shelefu poyamba ndi pomaliza mwezi. Mabotolo a mafuta ophikira analipo 24, anapikula 96, fayilo ikuti anagulitsa 101. Ayenera kutsala 19. Ngati pa shelefu pali 13, asanu ndi limodzi alibe malongosoledwe. Chonde musathamangire kunena kuti wogulitsa akuba. Funsani kaye buku la ngongole, za kunyumba zomwe banja linatenga, ndi zosweka, pakuti manambala amangoonetsa kuti pali kusiyana, satchula anatenga.

Ena amafuna kulosera malonda a mwezi wamawa. Ndi fayilo ya mwezi umodzi, akanireni. Disembala, pamene anthu ambiri amachoka mu Joni kupita kwawo, safanana ndi Malichi, ndipo kuti muone kusinthaku pafunika miyezi 12 kapena kuposa. Chomwe mwezi umodzi ungaonetseko ndi masiku omwe malonda amakwera, monga kuyambira pa 25 anthu akalandira, kuti oda ifike tsikulo lisanakwane.

Tsono fayilo ikafika, yankhani ndi funso limodzi: "Achimwene, mukaona zotsatira mukufuna kusankha chiyani?" Akati akufuna kudziwa ngati shopu ikukula, chitani yoyamba ndipo mupemphe miyezi ya m'mbuyo. Akati sakudziwa choti apikule Lolemba, kapena akuganiza zosintha mitengo, pitani pa yachitatu, yachiwiri ikhale yongodutsirapo. Akati ndalama m'kabati sizikugwirizana ndi katundu amene watha, ndi yachinayi, ndipo muwauze awerenge shelefu usiku womwewo asanalandire oda ina. Akapanda kuyankha, tumizani yoyamba ndi yachiwiri pa tsamba limodzi, mulembe pamwamba kuti awa ndi malonda, phindu silinawerengedwe, ndipo mupemphe zithunzi za malisiti a katundu khumi amene ali pamwamba pa mndandanda.