Miyezi isanu ndi iwiri nditaichepetsera magetsi RTX 3060 kuno ku Salima

Ndinayamba mu Epulo chifukwa cha phokoso. Kompyuta yanga ili m'chipinda cha malata chopanda siling'i, ndipo ndikangotsegula gemu mafani a RTX 3060, khadi yotulutsa zithunzi m'kompyuta, ankalira ngati chigayo. Khadi imeneyi inapangidwa kuti izidya mpaka 170 W, ndipo yanga inkadya pafupifupi yonseyo, n'kumatentha madigiri 79. Chinkandinyansa kwambiri ndi liwiro lake: inkayamba pa 1935 MHz, pakatha mphindi makumi awiri ili pa 1860 MHz, kenaka n'kumakwera ndi kutsika. Makhadi a kampani ya NVIDIA, monga yangayi, amachita zimenezi mwadala, amatsitsa liwiro ndi 15 MHz nthawi iliyonse akadutsa mlingo wina wa kutentha kapena akagunda malire a magetsi.

Ndinagwiritsa ntchito MSI Afterburner, pologalamu yosinthira liwiro ndi volteji ya khadi. Mukadina `Ctrl+F` pamatuluka mzere wa timadontho, volteji ili m'munsi, liwiro lili m'mbali. Ndinakweza mzere wonsewo mpaka kadontho ka 850 mV kafike pa 1890 MHz, kenaka timadontho tonse ta kumanja kwake ndinatikokera pansi ndi kudina `Apply`. Mzere unagona mopingasa kuyambira pa 850 mV, kutanthauza kuti khadi singapemphenso volteji yoposa pamenepo. Kale inkadutsa 1000 mV kuti ifike liwiro lomwelo.

Zotsatira zake zinandisangalatsa. Magetsi anatsika kufika cha m'ma 125 W, kutentha madigiri 66, ndipo liwiro linkangoima pa 1890 MHz usiku wonse. Mafuremu pa sekondi sanachuluke, musayembekezere zimenezo. Chinatha ndi kudodoma kuja kwa chithunzi pakakhala chipwirikiti m'gemu. Magetsi akazima ndimayendera batire ndi invetala, ndiye ma 45 W opulumukawo ankaoneka ndithu pa nthawi imene batire linkakhalitsa.

Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, sindinaone vuto ngakhale limodzi. Ndinafika pomauza anzanga kuti angokopera manambala anga, zimene pano ndikuchita nazo manyazi.

Mavuto anabwera ndi Okutobala. Amene mumakhala kuno mukudziwa mmene dzuwa limaotchera masana mwezi umenewu, ngakhale usiku m'nyumba mumakhalabe ngati mu uvuni. Gemu inayamba kudzitsekera yokha, osati tsiku lililonse, mwina kawiri pa sabata, nthawi zonse nditasewera kupitirira ola. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi dalaiva, pologalamu yoyendetsa khadi, ndinaichotsa n'kuikanso, koma sizinasinthe. Ndinapukuta fumbi, lomwe linalidi lambiri, kutentha kunatsikako madigiri atatu koma kudzitseka kunapitirira. Nditatsegula Event Viewer, momwe Windows imalemba zovuta zimene zachitika, ndinapeza mawu awa pa nthawi yeniyeni imene gemu inafera:

```
Display driver nvlddmkm stopped responding and has successfully recovered.
```

Uthenga umenewu paokha sunena chayambitsa, umangonena kuti khadi inasiya kuyankha. Chimene chinanditsimikizira ndi kudina `Reset` mu Afterburner n'kusewera sabata yathunthu khadi ili mmene inabwerera. Inatentha mpaka madigiri 83 ndi phokoso lake lija, koma sinafe ngakhale kamodzi. Wolakwa ndinali ine. Pa 850 mV ndinali nditaiika pamphepete penipeni, ndipo chipu ikatentha imafuna volteji yochulukirapo pang'ono kuti igwire liwiro lomwelo. Mpata umene unkakwanira khadi ili pa madigiri 66 unatha itafika pa 73.

Ndinasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, volteji kukwera kufika 875 mV, liwiro kutsika kufika 1860 MHz. Pano imadya cha m'ma 132 W, masana a Novembala imafika madigiri 74, ndipo patha milungu isanu osadzitseka. Kusiyana kwa 30 MHz maso anga sakukuona.

Pali kanthu kena komwe ndinakazindikira mochedwa. Mzere uja umasuntha wokha malinga ndi kutentha kwa khadi pa nthawi imene mukuukonza. Mukaukonza m'mawa khadi ili yozizira n'kuusunga, mukadzautsegula itatentha mungapeze wasunthako ndi 15 MHz. Ndiye pano ndimaukonza gemu ikuyenda, khadi itatentha kale. Poyesa sindidaliranso pologalamu yoyesera ya mphindi khumi, chifukwa 850 mV ija inkapambana mayeso oterewo bwinobwino. Ndimatsegula gemu yolemera yokhala ndi `Ray Tracing`, njira yojambulira kuwala imene imalemetsa khadi kwambiri, masana, mawindo otseka, kwa maola awiri.

Makonzedwe a 850 mV sindinawataye, ali pa batani lachiwiri mu Afterburner. Ndidzawayesanso mu Juni.