Ndemanga yanga pa akaunti ya fikisidi dipoziti ya miyezi itatu

Ndinasungitsa ndalama ku akaunti ya fikisidi dipoziti ya miyezi itatu kubanki komwe ndili ndi akaunti ya sevingi, ndipo popeza nthawiyo yakwana ndipo ndalama ndatenga, ndikutha kunena kuti akauntiyi inachita zomwe tinagwirizana, ngakhale pali zinthu ziwiri zomwe sizinandisangalatse.

Fikisidi dipoziti ndi pangano loti mupereke ndalama kubanki kamodzi, musazikhudze kwa nthawi yomwe mwasankha, kaya mwezi umodzi, miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo banki idzakubwezereni pamodzi ndi chiwongoladzanja chomwe mwagwirizana tsiku losungitsalo. Akaunti ya sevingi ndi yotsegula: mumaika ndi kutapa tsiku lililonse, muli ndi khadi, koma chiwongoladzanja chake chimakhala chochepa ndipo banki ikhoza kuchisintha pamene yafunira. Pa fikisidi sindinapatsidwe khadi, koma chikalata chosonyeza ndalama zomwe ndaika, peresenti yake ndi tsiku lodzatenga. Kuwonjezera ndalama pakatikati sikuloledwa. Ukapeza zina, umatsegula fikisidi ina.

Chofunika kwambiri kuchimvetsa musanasayine n'chakuti peresenti yomwe amakutchulirani ndi ya chaka chathunthu, osati ya miyezi yomwe mwasankha. Ndigwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Tinene kuti mwaika 1,000,000 kwa masiku 91 pa 12 peresenti. Pa chaka chonse ndalamazo zikadabereka 120,000, koma popeza zakhala masiku 91 okha, banki imachulukitsa 120,000 ndi 91 n'kugawa ndi 365, ndipo chotuluka ndi 29,918. Munthu amene amayembekezera 120,000 angaganize kuti waberedwa, chikhalirecho pangano linali lomwelo. Ndalama zomwezo zikadakhala mu sevingi ya 4 peresenti kwa masiku omwewo zikadabereka 9,973, kotero phindu lenileni la kudzimana kwa miyezi itatuyo ndi kusiyana kwa manambala awiriwa, komwe ndi pafupifupi 20,000. M'mayiko ambiri pa chiwongoladzanjacho amadulapo msonkho ndalama zisanalowe mu akaunti, choncho ndi bwino kupempha wogwira ntchito kubanki kuti akulembereni zomwe mudzalandire m'manja zonse zitachotsedwa. Wondithandiza ine anachita zimenezi nditapempha, ndipo nambala yomwe analemba ndi yomwe inalowadi.

Chinthu choyamba chomwe sichinandisangalatse ndi mmene anabisira nkhani ya kutapa nthawi isanakwane. Mawu ake anali m'zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa fomu, ndipo palibe anawatchula mpaka nditafunsa. Kubanki kwanga, ukathyola panganolo amakubwezera ndalama zomwe unaika, koma chiwongoladzanja amachiwerengera pa peresenti ya sevingi. Pa chitsanzo chathu chija, wotapa patatha masiku 60 akadalandira 6,575 m'malo mwa 19,726 zomwe masikuwo akadabereka pa 12 peresenti. Mabanki ena amalanda chiwongoladzanja chonse, ena amaika chindapusa chapadera, ndiye funso limeneli lifunsidwe ndalama zikadali m'manja mwanu. N'chifukwa chake ine ndalama za mwadzidzidzi, monga za matenda, ndinazisiya mu sevingi, ndipo mu fikisidi ndinaika zokhazo zomwe ndinkadziwa tsiku lomwe zidzafunike.

Chachiwiri ndi kabokosi ka pa fomu konena zomwe banki ichite nthawi ikakwana. Mukapanda kusankha, mabanki ambiri amangozitsekeranso ndalamazo kwa nthawi yofanana ndi yoyamba ija, ndipo amatero pa peresenti ya tsiku limenelo, yomwe ikhoza kukhala yotsika kuposa yomwe munagwirizana poyamba. Pa fomu yanga kabokosi kotsekeranso kanali katachongedwa kale, zomwe ndikuona kuti si chilungamo, ndipo ndinapempha kuti asinthe n'kulemba kuti ndalama zonse zidzalowe mu sevingi. Zinalowadi pa tsiku lake.

Kusasintha kwa peresenti kumapindulitsa pamene mabanki akutsitsa chiwongoladzanja, koma akachikweza inu mumatsalira pa chakale mpaka nthawi ithe. Ndiponso ngati mitengo ya zinthu ikukwera ndi 15 peresenti pa chaka pamene fikisidi ikupereka 12, ndalama zanu zikuchuluka pa pepala koma zikugula zochepa, kungoti mu sevingi zikadaluza mphamvu kwambiri.

Ndidzasungitsanso, koma ulendo uno ndidzagawa ndalamazo pawiri, zina za miyezi itatu, zina za miyezi isanu ndi umodzi, kuti ndikadzakakamizika kuthyola pangano ndidzathyole limodzi lokha, linalo lipitirire kubereka.