Kutumiza maphukusi padera kapena kuwaphatikiza: mtengo umabisala m'kukula kwa katoni

Munthu amene wagula zinthu m'masitolo atatu a kunja, zonse n'kufikira pa adiresi ya kampani yotumiza katundu, amakhala ndi njira zitatu. Angathe kutumiza phukusi lililonse palokha, angathe kupempha kuti makatoniwo aikidwe osatsegula m'katoni imodzi yaikulu, kapena angathe kulola kuti makatoni a kusitolo atayidwe ndipo katunduyo alongedzedwe mwatsopano. Ambiri amangoganiza kuti kuphatikiza kulikonse n'kotchipa, komatu sizili choncho.

Makampani onyamula katundu pandege monga DHL sayang'ana sikelo yokha. Amayezanso malo amene katoni ikudya, pochulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wake m'masentimita, kenako n'kugawa ndi 5,000. Chotulukacho amachiwerengera ngati makilogalamu, ndipo mumalipira chimene chakula pakati pa nambala imeneyi ndi kulemera kwenikweni.

Tiyerekeze kuti mwagula nsapato zolemera makilogalamu 1.2, malaya atatu olemera 0.8 ndi kachikwama kolemera 0.3. Nsapatozo zabwera m'katoni ya 40 × 30 × 20, imene pa masamu aja ndi makilogalamu 4.8, ndipo popeza makampani ambiri amakwezera ku theka la kilogalamu lotsatira, muwerengeredwa 5. Katoni ya malaya ndi ya 35 × 25 × 10, kutanthauza 2, pomwe ya kachikwama ndi ya 20 × 15 × 10, kutanthauza 1. Mukatumiza padera mulipira makilogalamu 8 pa katundu wosakwana n'komwe makilogalamu atatu, ndiponso mulipira katatu mtengo woyambira, umene ndi wokwera kuposa wa makilogalamu otsatira.

Njira yachiwiri ndiyo imapusitsa anthu. Makatoni osiyana kukula sasanjika bwino, choncho atatu aja amafuna katoni ya pafupifupi 42 × 32 × 42, imene ikuwerengeredwa makilogalamu 11.5. Mwapulumuka mitengo yoyambira iwiri, inde, koma mwaonjezera makilogalamu atatu ndi theka a mpweya wokhawokha. Ine njira imeneyi ndimaiona yoyenera pokhapokha pamene katunduyo ali wosachedwa kusweka kapena pamene bokosilo lili ndi phindu palokha, monga kwa wogula kuti akagulitsenso.

Kulongedza mwatsopano ndiko kumatsitsa mtengo zenizeni. Ogwira ntchito akachotsa makatoni akunja ndi bokosi la nsapato, n'kupinda malaya kuti atseke mipata, zonsezo zingalowe m'katoni ya 35 × 25 × 18, imene ndi makilogalamu 3.15, kukwezedwa kufika 3.5. Pa tsamba la kampani mawu akuti `consolidate`, kuphatikiza, ndi `repack`, kulongedza mwatsopano, satanthauza chinthu chimodzi nthawi zonse, ndiye musanadine werengani ngati makatoni akale achotsedwa, ndipo funsani miyezo ya katoni yatsopano musanalipire ulendo. Ikabwera miyezo yoyandikira chiwerengero cha makatoni onse akale, dziwani kuti angounjika.

Komabe njira yachitatuyi ili ndi mavuto ake. Bokosi la nsapato likatayidwa, sitolo ikhoza kukana kuzilandiranso, choncho pemphani zithunzi zoonetsa saizi ndi mtundu katundu akadali m'nyumba yosungira, pamene kubweza kudakali kosavuta. Kachiwiri, a kasitomu amawerengera msonkho pa mtengo wa phukusi lonse. M'mayiko amene phukusi la mtengo wochepa limadutsa osalipira msonkho, zinthu zitatu zimene zikanadutsa pazokha zingapitirire malirewo zikaphatikizidwa, ndipo zimene mwapulumutsa paulendo zingathere ku msonkho. Kumene malire otero kulibe, phukusi limodzi ndilo labwino, chifukwa ndalama yoombolera katundu mumalipira kamodzi.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kulowa m'gulu. Mafuta onunkhira okhala ndi mowa, zopopera za m'zitini komanso mabatire a lifiyamu amene sali m'chipangizo amawerengedwa ngati katundu woopsa pandege, ndipo chimodzi chokha chingaimitse katoni yonse. Kuphatikiza kumafunanso kudikira phukusi lomaliza, pomwe masiku osunga ulere amayamba kuwerengedwa phukusi lililonse likangofika; sitolo imodzi ikachedwa, loyamba lija limayamba kudya ndalama.

Pa nsapato, malaya ndi kachikwama kaja, ine ndingasankhe kulongedza mwatsopano mosazengereza. Kachikwamako kakanakhala foni yodula, ndikanaitumiza payokha m'bokosi lake, ndi inshuwalansi yokwana mtengo wolembedwa pa risiti, chifukwa kampani imabweza potengera mtengo umene munalemba, ndipo amene anachepetsa mtengowo pozemba msonkho amalandira zochepa zomwezo katoni ikasowa.