Kosi ya Excel ya masabata 6: ndi yabwino, koma musaiyambe ndi foni yokha

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a thonje kuno ku Ngabu, ndipo kwa zaka zambiri kaundula wathu wakhala wa m'kope. Nyengo yogulitsa ikafika ndimachezera usiku kuwonkhetsa makilo, thukuta lili kamukamu. Ndiye nditaona kosi ya pa intaneti yophunzitsa Excel ndinalipira K45,000 osachedwa. Ndamaliza mwezi wathawu. Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 3.

Zophunzitsidwazo ndilibe nazo dandaulo. Aphunzitsi ake amadziwa ntchito yawo, amafotokoza m'Chingerezi chosavuta, mwina n'kuthirako Chichewa. Chimene chinandibwezera ndalama yanga ndi phunziro la sabata yachitatu. Mu kolamu A ndimalemba dzina la mlimi, mu B makilo amene wabweretsa tsiku limenelo. Mlimi mmodzi amabwera katatu kapena kanayi, ndiye dzina lake limamwazikana m'kaundula monse. Ukalemba dzinalo kamodzi mu H2, fomula iyi imatolera makilo ake onse:

```
=SUMIF(A:A,H2,B:B)
```

Ntchito imene inkanditengera madzulo awiri tsopano imatha tiyi asanazizire.

Koma apa pomwe ndi pamene kosiyi inanditaya. Amayi ena anabweretsa makilo 42, kenako 35, kenako 28, zomwe ndi 105. Fomula inandipatsa 77. Ndinayang'ana dzina lawo m'mizere yonse itatu, malembo onse ofanana. Ndinavutika tsiku lathunthu, mpaka ndinayamba kukayikira sikelo yathu. Vuto linali lakuti pa mzere wachitatu, nditamaliza kulemba dzina, ndinadina batani losiya mpata. Mpatawo maso sauona, koma Excel imaliwerenga ngati dzina la munthu wina. Mankhwala ake ndi TRIM, imene imachotsa mipata yotere. Aphunzitsi anadzaitchula sabata yachisanu, mongodutsa. Ikanabwera limodzi ndi SUMIF, chifukwa cholakwika chimenechi sichilira belu. Chimangokupatsa nambala yooneka bwinobwino, iwe n'kumulipira munthu ndalama zoperewera.

Liwiro lake ndi losagwirizana. Masabata awiri oyamba anathera pa kutsegula fayilo, kusunga ndi kukongoletsa mizere, zinthu zoti masiku atatu akanakwana. Kufika sabata yachinayi, anayamba kuthamanga ngati minibasi ya ku Blantyre yofuna kukwera Thabwa dzuwa lisanalowe. VLOOKUP yonse, fomula yofufuzira chinthu m'kaundula, anaiphunzitsa m'vidiyo imodzi ya mphindi 18, ndipo ndinaionera kanayi.

Chimene sananene polengeza kosiyi ndi chakuti anaikonzera munthu wa laputopu. Ine ndinayamba ndi foni. Tsiku lina tinkachulukitsa makilo ndi mtengo umene uli mu F1. Ndinalemba fomula pa mzere woyamba, inayenda. Nditaikokera pansi, mizere ina yonse inatulutsa 0, chifukwa F1 inasanduka F2, F3, F4, mabokosi opanda kanthu. Aphunzitsi anangoti "dinani F4". Pa foni batani limenelo kulibe. Mnzanga wina wa ku Nchalo amene tinkaphunzira naye ndiye anandiuza kuti zizindikiro za $ zimene F4 imaika kuti F1 isasinthe ukhoza kuzilemba pamanja:

```
=B2*$F$1
```

Kuyambira pamenepo ndinkabwereka laputopu ya alamu anga Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mpamene zinthu zinayamba kulowa m'mutu.

Pa ndalama, musawerengere K45,000 yokha. Mavidiyo satheka kuwasunga pa foni, umaonera pomwepo, ndipo ukabwereza umalipiranso bandulo. Ine ndinatha pafupifupi 9 GB. Phunziro lokumana ndi aphunzitsi maso ndi maso pa vidiyo limachitika Lachitatu 7 koloko madzulo, nthawi imene netiweki ya kwathu kuno imakhala yodzaza. Mwa maphunziro 6 oterewa ndinamva bwino awiri okha. Amajambula n'kutumiza, zoona, koma patapita masiku atatu, mafunso ako utawaiwala kale. Komanso ndi kutentha kwathu kuno, foni imafika pootcha m'manja masana n'kuyamba kuzengereza, ndiye ndinkaphunzira m'mamawa cha m'ma 5.

Gulu la ophunzira pa WhatsApp lokha ndilo ndilitamande. Ukatumiza chithunzi cha pamene pakukanika, wina amayankha ola lisanathe, kawirikawiri wophunzira mnzako. Satifiketi inabwera pa imelo patatha masabata awiri; sindinaionetse kwa wina aliyense, ndiye za kulemera kwake pofuna ntchito ndisakunamizeni.

Ngati muli ndi laputopu, kapena pokabwereka, ndipo muli ndi kaundula weniweni woyeserera, lipirani. Ngati muli ndi foni yokha, dikirani kaye. Ndipo mukafika pa SUMIF, dumphani mukaonere vidiyo ya TRIM ya sabata yachisanu musanalipire mlimi aliyense.