Pepala, Word Kapena Markdown: Njira Zitatu Zosanjira Mawu a Phunziro m'Mitu Pokonzekera Mayeso

Ngati mphunzitsi alankhula mawu 130 pa mphindi, phunziro la mphindi 50 likalembedwa lonse monga linatulukira pakamwa limafika mawu 6,500. Chovuta kwambiri si kuchuluka kwa mawuwo, koma kuti amatsata mmene munthu ankalankhulira, osati mmene mfundo zimagonerana. Tiyerekeze phunziro la mtima wa munthu. Mphunzitsi wayamba ndi zipinda zinayi za mtima, watchula mavalavu mongodutsa, walowa m'nkhani ya njira imene magazi amayenda, kenako chakumapeto wophunzira wina wafunsa funso, ndipo apo ndi pamene wafotokoza bwino kuti mavalavu amaletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Mfundo imodzi yagona malo awiri otalikirana, ndipo njira iliyonse yosanjira tiyenera kuiyesa pofunsa ngati imatilola kusonkhanitsa zidutswa zoterezi popanda kuvutika.

Pepala ndi cholembera zili ndi ubwino umene kompyuta ilibe: dzanja limatopa, choncho munthu salemba chiganizo chonse cha mphunzitsi, amayamba wachimvetsa n'kuchifupikitsa m'mawu akeake. Koma mukafika pa funso la wophunzira lija, mupeza kuti pansi pa mutu wa mavalavu palibenso malo, ndipo mumayamba kujambula mivi yoloza m'mphepete mpaka tsamba losawerengeka. Chothandiza n'kuwerenga mawu onse kawiri. Ulendo woyamba mumangoika nambala ya mutu pambali pa ndime iliyonse, zipinda 1, mavalavu 2, njira ya magazi 3, ndipo wachiwiri mumalemba mutu uliwonse mutasonkhanitsa ndime zake zonse. Ntchitoyi imadya nthawi, koma zambiri zimakhazikika m'mutu mukulemba momwemo.

Microsoft Word ndi imene ndimaikonda pa phunziro lalitali, malinga munthu agwiritse ntchito masitayilo enieni a mitu. Mukaika cholozera pa mzere n'kudina Ctrl+Alt+1, mzerewo umasanduka Heading 1, ndipo Ctrl+Alt+2 imapereka Heading 2. Mukatsegula Navigation Pane pansi pa View, mitu yonse imaoneka kumanzere, ndipo mukakoka mutu umodzi n'kukausiya pamalo pena, umasamuka pamodzi ndi zonse zili pansi pake. Yankho la mavalavu lija mumangolipatsa kamutu, n'kulikokera kwa anzake. Ambiri amalakwitsa pongokulitsa zilembo ndi kuzidetsa ndi dzanja. Pamaso zimaoneka ngati mutu, koma Word imaziona ngati mawu wamba, ndipo chizindikiro chake n'chakuti mzerewo suoneka mu Navigation Pane. Ngozi ina ndi yakuti kudula ndi kumata n'kophweka moti munthu angathe kusanja phunziro lonse bwinobwino asanamvetse chiganizo ngakhale chimodzi.

Markdown, njira yolembera mawu wamba n'kusonyeza mitu ndi mfundo ndi zizindikiro, imafuna zizindikiro zochepa chabe, ndipo imalembeka mosavuta ngakhale pafoni:

```
# Mtima
## Mavalavu
- Amaletsa magazi kubwerera m'mbuyo
## Zipinda
- Chapansi chakumanzere: khoma lochindikala
  - Chimapopera magazi m'thupi lonse
```

Chizindikiro # chimodzi ndi mutu waukulu, ziwiri ndi mutu waung'ono, mpaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mukaiwala kusiya mpata pakati pa # ndi mawu, mapulogalamu ambiri sauwerenga mzerewo ngati mutu. Mu pulogalamu ngati Obsidian mutha kupinda mutu kuti mfundo zake zibisike, n'kuyesa kuzitchula pamtima musanatsegule, zomwe Word imalolanso koma pepala sililola pokhapokha mutaphimba ndi dzanja. Pamene Markdown imafookera ndi pa zithunzi: njira ya magazi kuchoka kudzanja lamanja la mtima kupita m'mapapo, kubwerera kumanzere, kenako m'thupi lonse, ndi yozungulira, ndipo imamveka bwino ikajambulidwa kusiyana n'kuiika m'mizere yotsika. Apa pepala limaposa zonse ziwiri, n'chifukwa chake ine ndimasanja pakompyuta koma zozungulira ndimazijambula pamanja.

Njira iliyonse imene mwasankha, kusanja kolakwika kumaonekera mofanana. Mutu wokhala ndi mfundo imodzi yokha pansi pake kawirikawiri si mutu, ndi mfundo imene yasochera kwa mwini wake. Mutu wotchedwa "Zina" umasonyeza kuti pali ndime zimene simunazimvetse, ndipo ndi zomwezo muyenera kubwerera kukaziwerenga. Ngatinso mawu a phunzirolo analembedwa ndi makina omvera mawu, yerekezani dzina lililonse la sayansi ndi buku la kalasi musanalisandutse mutu, chifukwa makinawo amaphonya mayina osazolowereka, ndipo dzina lolakwika limene mwaliwerenga kakhumi ndi lomwelo mudzalilembe pamayeso.