Miyezi 8 ndi sikiripti yolephera mwakachetechete: chidindo cha nthawi chinandinamiza kawiri

Papita miyezi 8 chikhazikitsireni sikiripti imene imakatenga mndandanda wa katundu ku seva ina usiku uliwonse, n'kuuika patsamba limene anzanga a kuntchito amaonapo m'mawa. Ndinachita kusankha kuti ikalephera isatumize uthenga kwa aliyense. Mndandanda wa dzulo ndi wokwanira kugwirira ntchito tsiku limodzi, ndipo ndinkadziwa kuti mauthenga ochenjeza akachuluka anthu amaleka kuwawerenga. Choncho mu crontab ndinalemba `MAILTO=""`, ndinaika kuti izithamanga `0 3 * * *`, kutanthauza 3 koloko usiku uliwonse, kenako pamwamba pa tsambalo ndinaika mzere umodzi wonena tsiku ndi nthawi imene mndandanda unasinthidwa komaliza.

Ndikanati ndiyambenso lero, ndikanasankha njira yomweyi. Koma ndaona kuti ukachotsa mauthenga, mboni imatsala imodzi yokha, chidindo cha nthawicho, ndipo changa chinandinamiza kawiri.

Ulendo woyamba vuto linali langa. Ndinalemba `curl` popanda `-f`. Ikakhala choncho, seva ikayankha 500 kapena 404, `curl` imasunga tsamba lonena za vutolo ngati kuti ndiye fayilo imene umafuna, n'kutuluka ndi 0, kutanthauza kuti zonse zayenda bwino. Sikiripti inaika zinyalalazo m'malo mwa mndandanda wabwino, chidindo n'kusonyeza 3 koloko ya tsiku lomwelo. Tsamba linali lopanda kanthu koma likuti lasinthidwa kumene. Chidindocho chinkanena nthawi imene sikiripti inayesa, osati imene inapambana, ndipo awa ndi mawu awiri osiyana kwambiri.

Nditakonza zinakhala chonchi:

```
curl -fsS --max-time 60 "$URL" -o katundu.tmp &&
[ "$(wc -l < katundu.tmp)" -gt 100 ] &&
mv katundu.tmp katundu.csv &&
date -u +%FT%TZ > nthawi.txt
```

Chimene chikugwira ntchito apa ndi ndondomeko yake. Fayilo yatsopano imayamba yafikira pambali. Imawerengedwa mizere, chifukwa mndandanda wathu umakhala ndi mizere pafupifupi 400, ndipo seva ikabweza tsamba lolowera ndi yankho la 200, `-f` singazindikire. Ikadutsa pamenepo m'pamene `mv` imailowetsa m'malo mwa yakale, ndipo mafayilo onse akakhala pa disiki imodzi kusinthako kumachitika kamodzi n'kamodzi, palibe amene angawerenge fayilo yolembedwa theka. Chidindo chimalembedwa pomalizira penipeni. Sitepe iliyonse ikalephera, `&&` imaimitsa zotsatira zonse: mndandanda wadzulo umakhalabe, tsiku ladzulo limakhalabe.

Bodza lachiwiri ndi limene linandiwawa, chifukwa sikiripti sinalakwitse chilichonse. M'mwezi wachisanu, mbali inayo inasiya kupanga fayilo yatsopano, koma seva yawo inkaperekabe yakale. Kwa masiku 9 ndinkakopera fayilo imodzimodziyo, mizere yokwana, chidindo chikusuntha usiku uliwonse. Tinadziwa pamene mnzanga wina analonjeza kasitomala katundu amene anali atatha kale. Zinandichititsa manyazi, chifukwa ndine ndinawauza kuti akhulupirire mzere umenewo. Panopa tsamba limasonyeza masiku awiri: limene tinakopera, ndi limene lalembedwa m'kati mwa fayiloyo ndi eni ake. Fayilo yanu ikakhala kuti ilibe tsiku m'kati, yerekezani `sha256sum` ya lero ndi ya dzulo. Zikangofanana masiku ambiri motsatizana pa zinthu zimene zimayenera kusintha, gwero laima.

China chimene sindinaganizire ndi maso a anthu. Patangotha masabata ochepa, panalibenso amene ankawerenga tsikulo. Tsopano brawuza imawerenga `nthawi.txt` n'kuwerengera yokha msinkhu wa mndandanda, ndipo maola akapitirira 36 mzerewo umafiira n'kunena kuti papita masiku angati. Ndinasankha 36 osati 24 kuti usiku umodzi wolephera usafiiritse tsamba m'mawa, koma ukachitika wachiwiri aliyense aone. Kuwerengerako kuyenera kuchitikira mu brawuza. Sikiripti ikamalemba yokha mawu akuti "maola 2 apitawo", tsiku limene idzafe mawuwo adzakhala pomwepo mpaka kalekale. N'chifukwa chakenso ndimasunga nthawi ya UTC, brawuza n'kuitembenuza kukhala ya kumene munthu ali.

Kusatumiza uthenga sikutanthauza kusasiya mapazi. Mauthenga onse onena za zolakwa amalowa mu fayilo ya logi kudzera pa `>> katundu.log 2>&1`, ndipo `-sS` imachititsa kuti `curl` ikhale chete koma izinenabe chimene chavuta. Mzere ukafiira ndimatsegula logiyo, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala m'mizere yomalizira.

Malire ake ndi awa: njirayi imadalira kuti pakhale munthu wotsegula tsamba. Pa tchuthi chathu chachitali mzere unakhala wofiira masiku 4 popanda wouona, ndipo palibe chinawonongeka chifukwa panalibe wogwiritsa ntchito mndandandawo. Koma pa ntchito yosunga makope a deta, imene palibe amaiyang'ana mpaka tsiku la tsoka, sindinayerekeze n'komwe kuchita zimenezi. Imeneyo ikalephera imandiimbira foni.